Mabokosi Amene Sanakwere Ndege

Ndine ndinamuuza Obse kuti akanene. Zimenezo ndayamba nazo dala, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi pa famu pathu amangotukwana Gashe Tefera, ine n'kumandidumpha ngati panalibe.

Dzina langa ndine Mulatwa. Ndakhala kapitawo wa shedi yolongedzera maluwa kwa zaka khumi ndi chimodzi, pa famu ya marozi ili m'mbali mwa msewu wa ku Holeta. Maluwa akadulidwa amafikira kwa ine. Timawalowetsa m'zipinda zozizira, kuwasankha malinga ndi kutalika kwa tsinde, kuwamanga m'mitolo, n'kuwaika m'mabokosi. Akatero amakwera lole yozizira kupita ku bwalo la ndege ku Addis Ababa, kenako ku Ulaya, komwe amuna amagulira akazi awo maluwa omwe ife atilasa minga mpaka zala kuchita dzanzi.

Obse anabwera mu ofesi chapakati pa Januwale. Anali mayi wa mwana mmodzi, wamtali, woyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akudula maluwa pa famu ina kutsidya kwa mtsinje, Loweruka lililonse n'kumakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kukaphunzira za kompyuta m'tauni. Atapeza pepala lake anasiya ntchito kumeneko, anzake anamuphikira khofi womutsanzika, n'kubwera kwathu ngati kalaliki wotumiza katundu. Anamulemba pa masiku 60 oyeserera. M'masiku amenewo akhoza kukuchotsa m'mawa uliwonse, opanda chenjezo, opanda kanthu m'manja. Iye ankawawerenga masikuwo pa kalendala ya kukhoma, kudula limodzilimodzi ndi bolopeni. Pomwe izi zinkachitika anali atadula 23.

Ntchito yake yaikulu inali yotumiza chiwerengero cha mabokosi kwa kampani yomwe imatisungira malo m'ndege. Ukanena 200, amakusungira malo a 200, osaposera. Miyezi ina ukapitirira pang'ono amakukankhira penapake. Koma iyi inali sabata yoti Valentine yayandikira, famu iliyonse ikulimbirana ndege imodzimodziyo, ndipo ngakhale bokosi limodzi lowonjezera sukanalipezera malo ukapanda kunena nthawi yake. Ndege yathu inali ya Lachitatu. Chiwerengero chinkatumizidwa Lolemba, ndipo kusintha kunkaloledwa mpaka Lachiwiri 12 koloko masana.

Tsono mverani zomwe zinachitika Lolembalo m'mawa, Obse asanatumize kanthu. Nditatsegula chipinda chozizira chachiwiri, mpweya umene unandiwomba kumaso unali wofunda ngati wa m'khitchini. Choyezera kuzizira chinali pa madigiri 15, pomwe chimayenera kukhala pa 3. Makina anali atazima kuyambira Loweruka madzulo. Madzi ankachita kudontha kudenga. Ndinasolola mtolo umodzi wa marozi ofiira aataliatali aja, ndipo pamasamba a duwa panali patayamba timadontho tofiirira, chiyambi cha nkhungu yotuwa ija imene imadya duwa mpaka mutu kugwa. M'chipindamo munali maluwa okwana mabokosi 90 ndi kanthu.

Ndinathamangira kwa Gashe Tefera, manijala wathu, amene timamutchula Gashe mwaulemu, ngati kunena kuti bambo. Munthu ameneyu amisiri anamulembera kawiri konse kuti makina a chipindacho atha, iye n'kumati tidzaona Valentine ikadutsa. Anabwera, anayang'ana, anatseka chitseko tili mkati awiriwiri.

"Waona ndani wina?"

"Palibe, Gashe."

"Lemba 3 m'buku la zipinda zozizira. Loweruka, Lamulungu, lero. Wamva?"

"Gashe, maluwawa akafika ku Ulaya abwezedwa."

"Ndakufunsa za ku Ulaya? Bukuli amasayina ndani, ine kapena iwe? Lamulungu unabwera kudzayang'ana choyezera, monga lamulo linenera?"

Sindinabwere. Lamulungulo ndinali ku ubatizo wa mdzukulu wanga. Ndinatenga bolopeni ndi kulemba 3 katatu. Mmisiri anaitanidwa mwakachetechete, pofika masana chipinda chinali chikuziziranso, koma duwa likayamba kuwola silibwerera.

Lachiwiri cha m'ma 9 koloko ndinaona Obse akubwera m'shedi, pepala lili m'manja, nkhope itatuwa. Anandikokera kuseri kwa mulu wa makatoni. Ankanditchula Etiye, ndiye kuti mchemwali wamkulu.

"Etiye Mulatwa, bokosi limodzi mumalowa maluwa angati?"

"Aafupi 480. Aatali 240. Bwanji?"

Anatsamira khoma. "Ndaphedwa ine."

Anandionetsa pepalalo. Maluwa aafupi analipo 48,000, aatali analinso 48,000. Aafupiwo ndi mabokosi 100, aataliwo mabokosi 200, onse pamodzi 300. Koma iye podzaza pa kompyuta anakokera nambala ya 480 ija mizere yonse mpaka pansi, makina n'kumupatsa 200, iyenso n'kutumiza 200. Munthu wodula maluwa sadziwa za bokosi, amadziwa za ndowa. Palibe amene anakhala naye pansi kumuuza, ndipo Gashe Tefera, amene amayenera kuyang'ana asanatumize, anangosayina akuyankhula pa foni.

"Waziona bwanji?" ndinafunsa.

"Ndimawerenga makatoni omwe anyamata apinda. Ndaona achuluka kuposa omwe ndinanena." Anatsitsa mawu. "Etiye, ndikangokhala chete? Mwina lole ikafika ku bwalo akawakankhira penapake."

"Sabata ino? Usadzinamize. Akawasiya padzuwa pa simenti, ndipo adzakufunsa chifukwa chake sunanene. Nthawi ilipo, maola atatu athunthu. Pita pompano. Usakalire, usakazungulire. Ukanene chomwe walakwitsa, nambala yoona, ndi chomwe chikufunika kuchita. Akaimba foni, zithera pomwepo."

"Sandichotsa?"

"Munthu wodzinenera yekha nthawi ikadalipo sachotsedwa," ndinatero. Ndipo Mulungu ndi mboni, ndinkakhulupirira zimenezo. Za chipinda chachiwiri sizinandibwerere m'mutu pa nthawiyo. Ndinkangoona mwana wa mnzanga ali m'madzi.

Kampani ya ndege ija sinkalandira kusintha kuchokera kwa kalaliki. Pankafunika foni kapena kalata ya manijala. N'chifukwa chake panalibe njira ina koma ya ku ofesi ya Gashe Tefera. Ndinamuperekeza, ndi kunyamula buku la mabokosi kuti ndioneke ngati ndili ndi changa chokachita.

Tinamupeza akutafuna kolo, barele wokazinga uja, akutapa m'kapepala. Obse anaima mowongoka, manja kutsogolo.

"Gashe, ndalakwitsa chiwerengero cha mabokosi chomwe ndinatumiza dzulo. Ndinanena 200, koma oyenera ndi 300. Maluwa aatali ndinawawerengera ngati aafupi. Ndalemba kale kalata yosintha, ili pa kompyuta, yangotsala kuti inu muivomereze 12 koloko isanakwane. Pepani, Gashe."

Ndinanyadira mumtima. Ngakhale ine sindikanayankhula bwino chotero.

Gashe Tefera anasiya kutafuna. Anatenga pepalalo, kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona milomo yake ikuwerenga. Kenako anadzutsa mutu, koma sanayang'ane Obse. Anayang'ana ine. Ndipo m'maso mwakemo ndinaona chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Munthuyo anali wokondwa.

"Mabokosi 100," anatero pang'onopang'ono. "A maluwa aatali."

"Inde, Gashe."

"Wachita bwino kubwera, mwana wanga. Ena akanabisa. Khala pansi."

"Gashe, nthawi..."

"Nthawi ndikuidziwa ine, wotchi ndili nayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba ulembe zonse wanenazi papepala, ndi dzanja lako, usayine. Ndi mmene timachitira pano."

Anamupatsa pepala ndi bolopeni. Obse analemba mofulumira, mizere isanu. Mkuluyo anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Ichi n'chiyani? Zolemba za kusukulu ya Loweruka? Sunalembe tsiku. Sunalembe kuti unatumiza wekha. Yambiranso."

"Koma munasayina, Gashe," anatero Obse motsitsa.

"Ndinasayina kuti wandionetsa pepala. Batani anadina ndani?"

"Ine."

"Lemba chomwecho."

Analembanso. Wotchi ya kukhoma inali itadutsa 10. Ine ndinati, "Gashe, bwanji muimbe kaye foniyo, kalatayo amalize pambuyo?"

Anandiyang'ana ngati ndine ntchentche yagwera mu khofi. "Mulatwa, ulibe ntchito? Kapena ufuna tikambe za mabuku ako? Bwerera ku shedi."

Ndinatuluka. Inde, ndinatuluka. Ndinakaima pakhomo la shedi pomwe zenera la ofesi limaonekera, ndikukalipira atsikana osalakwa kuti akumanga mitolo mokhota. Ndinamuona mkuluyo akutuluka foni ili kukhutu, akuseka, akulowera ku mashedi a pulasitiki komwe kumamera maluwa. Obse anatsala yekha pa mpando. Patapita kanthawi anatuluka kumutsatira, pepala m'manja. Anamupeza, mkuluyo anamukweza dzanja kuti adikire. Anayenda naye mzere wonse wa maluwa, iye patsogolo akuyang'ana masamba ngati dokotala, Obse pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Anthu odula maluwa anaima kumaonerera.

Itakwana hafu 11 Obse anathamangira kwa ine, thukuta lili kamukamu.

"Etiye, akuti netiweki ikuvuta. Ndibwerekeni foni yanu ndiimbe ndekha."

Ndinamupatsa. Anaimba, anayankha mtsikana wa ku kampani ija. Ndinkamva mawu ake. Anati malo alipo ndithu a mabokosi 100, koma famu ina ikuwafuna, ndipo awapereka 12 ikangokwana ngati manijala saimba. Obse anapempha, anatchula dzina la Mariya Woyera. Mtsikanayo anati, "Mchemwali, ine ndikumva, koma dzina lanu palibe pa mndandanda wa ovomereza."

Obse anathamangiranso ku ofesi. Chitseko chinali chokiya. Mlonda anati Gashe atuluka pa galimoto kukaona pampu ya kumtsinje. Anabwerako hafu 12, akutokosa m'mano.

Anaimba foniyo pamaso pathu, mokweza, kuti aliyense amve. "Mwapereka kale? Aa, zachisoni. Kalaliki wathu watsopano wandiuza mochedwa." Atadula anatembenukira kwa Obse. "Waona? Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu."

"Ndinabwera 9 koloko, Gashe."

"Unabwera ndi pepala losalongosoka. Pomwe umamaliza kulemba nthawi inali itatha. Usandiyankhe, ndili ndi mutu."

Masana omwewo analamula kuti m'chipinda chachiwiri mutulutsidwe zonse, akuti kupereka malo kwa maluwa a mawa. Aatali abwino a m'chipinda choyamba analowa m'mabokosi pamodzi ndi aafupi, kukwana 200. Odwala aja anaunjikidwa kuseri kwa shedi, panja, pansi pa pulasitiki wakuda. Ndinayang'anira ntchitoyo ndine.

Lachitatu kunabwera mwini famu, Weizero Askale, ndiye kuti Mayi Askale mwaulemu wa mu ofesi, mayi wonenepa wa magalasi amene amakhala ku Addis Ababa ndipo amabwera pokhapokha zinthu zikavuta. Tinaitanidwa atatu. Iye anakhala pa mpando wa Gashe Tefera, kalata ya Obse ili patsogolo pake, buku langa la zipinda zozizira lili pambali.

"Iwe ndiwe Obse? Kalatayi walemba wekha? Palibe anakukakamiza?"

"Ndalemba ndekha, Weizero. Ndinalakwitsadi. Koma ndinanena nthawi ikadalipo."

"Tefera?"

Mkuluyo anapumira m'mwamba ngati bambo wa mwana wosamva. "Weizero, mtsikanayu ndimamukonda, ndi wofatsa. Koma anabwera akulira, manambala akusintha pakamwa, mwina 300, mwina 280. Ine sindikanaimba foni ndi nambala yosatsimikizika, malo osagwiritsa ntchito amatilipiritsa. Ndinati alembe bwinobwino. Pomwe zimadziwika, nthawi yatha."

"Sindinalire," anatero Obse. "Etiye Mulatwa analipo."

Weizero Askale anatembenuza magalasi ake kwa ine. "Unalipo?"

"Poyamba pokha, Weizero. Kenako ndinabwerera ku shedi."

"Ananena nambala yanji?"

Gashe Tefera anaika dzanja pa buku langa lija. Sanalitsegule. Anangoliika, zala zikugogoda pachikuto. Ndili ndi zaka 52, ana awiri ali pasukulu, mwamuna wanga msana unamuthera ku ntchito yophwanya miyala. Ndinaganiza zonsezo, ndipo sindikunena kuti mundikhululukire.

"Sindinamvetsetse bwino, Weizero. Ankayankhula motsitsa."

Obse sanandiyang'ane. Ndikuganiza kuti anaona ngati ndi mantha wamba, a munthu wamkulu woopa bwana.

"Nanga maluwa otsalawo anali abwino?" anafunsa mayiyo. "Akanagulidwa?"

"Anali abwino," ndinatero.

"Maluwa 24,000 aatali, sabata ya Valentine." Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mwana iwe, ukudziwa kuti ungagwire ntchito zaka zingati kuti ubweze zimenezi? Sindikulipiritsa, ndine Mkhristu. Koma pano pako patha. Ofesi si ya aliyense. Manja akowo ndi a lumo, bwerera ku lumo."

"Malo anga akale analowapo wina, Weizero."

"Ndiye ndichite chiyani ine?"

Gashe Tefera anawonjeza, mwaulemu wake wonse, kuti popeza tsikulo alipidwa lathunthu, ndi bwino alimalize. Anati maluwa ali kuseri aja akufunika kupita kudzala, ndipo n'koyenera kuti amene wawataya awaone ndi maso, aphunzirepo. Weizero Askale anati zimenezo ndi zanu, n'kunyamula chikwama chake.

Choncho masana a tsikulo Obse, atavala siketi yake ya mu ofesi ndi nsapato zogogoda zomwe anagulira ntchitoyi, anapatsidwa wilibala. Atsikana a m'shedi ankasuzumira pazenera. Wina anati, "Akalaliki, muwerenge bwino mawilibalawo, mungalakwitsenso," ena n'kuseka. Ndinawakalipira, koma mawu anga anatuluka opanda mphamvu. Ndinatenga foloko ndi kupita kukamuthandiza.

"Musavutike, Etiye," anatero. "Ndipo musadandaule za muja. Ndikudziwa kuti mkuluyo mumamuopa. Inu nokha ndi amene munandithandiza pano. Bola ndachoka ndisanabise kanthu."

Ndinagwira ngodya ya pulasitiki wakuda uja, tinakoka tonse awiri.

Fungo linatuluka ngati la kabichi wowola. Obse anawerama, anatola mtolo umodzi, anavula kapepala kokutira mitu. Anakanikiza duwa limodzi ndi chala, mutu wonse unagwera m'dzanja lake, mkati muli ubweya wotuwa mpaka pa tsinde. Anatola mtolo wina pansi pa mulu. Chimodzimodzi. Wina, chimodzimodzi. Za mabokosi sankadziwa, koma duwa ankalidziwa kuposa ine. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana m'dzanja lakemo.

"Awa atuluka dzulo masana," anatero.

"Dzuwa ndi pulasitiki," ndinatero. "Amapsa msanga."

"Dzuwa limafotetsa, Etiye. Ubweya uwu sumera tsiku limodzi. Awa anayamba kudwala masiku anayi apitawo, mwina asanu." Anadzutsa mutu. "Akanakwera ndege akanabwezedwa onse."

Ndinabaya foloko mu muluwo.

"Anali m'chipinda chiti?"

"Chachiwiri."

"Lolemba m'mawa chinali pa madigiri angati?"

Apa ndiye anandiyang'ana, maso ali gwa, opanda msozi. Panalibe Gashe Tefera pafupi, panalibe Weizero Askale, galimoto yake inali itadzutsa kale fumbi. Tinali awiri basi ndi ntchentche. Ndikanatha kumuuza, sizikanandichotsera kanthu mwina. Koma ndinaopa kuti akathamangira nazo ku Addis Ababa.

"Pa 3," ndinatero. "Zinalembedwa m'buku."

"Analemba ndani?"

"Ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anataya duwalo mu wilibala, anapukuta dzanja pa siketi. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinkafuna atatero, anditchule mfiti, andilavulire. Sanatero. Anandilanda foloko ija m'manja mwaulemu, ngati mmene umalandira chinthu kwa mlendo amene sakuyenera kugwira ntchito pakhomo pako.

"Pitani, Weizero Mulatwa. Ndimaliza ndekha."

Anatuta mawilibala onse yekha mpaka 5 koloko, nsapato zija atazivula n'kuziika pa mwala. Atatha anasamba m'manja ndi m'mapazi pa mpopi, anakatenga chikwama chake mu ofesi, anapereka kiyi. Ine ndinali pakhomo la shedi. Anadutsa pafupi nane osatembenuka.

Pa geti mlonda anamuimitsa monga amachitira ndi aliyense wochotsedwa ntchito. Anamutsegulitsa chikwama, anakhuthulira zonse pa tebulo, anthu a shifiti yotuluka atamuzungulira: kabokosi ka injera, buledi wathu wopyapyala uja, yosadyedwa, mpango, pepala lake la kompyuta lili m'pulasitiki. Anapisa dzanja mpaka pansi, kufufuza ngati wabamo duwa. Atapeza kuti mulibe anamuuza kuti alongedze msanga, akutsekereza anthu njira.